Ndilembe bwanji imelo yaifupi yopempha malipiro okwererapo ndisanayambe ntchito?

"Ndapeza ntchito yoyang'anira mosungira katundu pakampani ina, ndipo kalata yafika dzulo pa imelo. Ntchitoyo ndikuifuna, koma malipiro omwe alemba achepa ndi pafupifupi 10 peresenti pa omwe ndimayembekezera. Zifukwa ndili nazo zinayi: ntchitoyi ndaigwira zaka zisanu, kumaloko n'kutali ndiye thiransipoti izindidyera ndalama, mnzanga wa ntchito ngati yomweyi amalandira zambiri kwina, komanso pa intavyu anandiuza kuti ndizikayang'anira anthu atatu, zomwe panalibe pa chilengezo cha ntchitoyo. Andipatsa masiku asanu kuti ndiyankhe. Ndilembe bwanji kuti ndisaoneke wadyera, komanso ndisataye mwayiwu?" — Mayi wina wowerenga

Mayi, imeloyo lembani, koma muikemo chifukwa chachinayi chokha, cha anthu atatu aja. Zitatu zinazo zisungeni mumtima. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati ndikukulandani zida nkhondo ili pakhomo, ndiye ndiloleni ndikuuzeni zomwe zimachitika imelo yotereyi ikafika tsidya linalo, poti ndakhala tsidya limenelo zaka zambiri, ndikulemba anthu ntchito.

Munthu amene wakutumizirani kalata ija kawirikawiri si amene ali ndi mphamvu yosintha nambala. Iye amalemba, amatumiza, amalandira mayankho. Ndalama zili m'manja mwa wina, mkulu wa nthambi yomwe mukagwireko ntchito kapena mkulu wa zachuma, amene mwina simunakumanepo naye n'komwe. Imelo yanu ikafika, woilandirayo amaipititsa kwa mkuluyo atawonjezera mzere umodzi pamwamba, apo ayi amakagogoda pa ofesi yake n'kulankhula ali chiimire. Ine ndachita zimenezi kambirimbiri. Ndimaima pakhomo, fayilo ili m'khwapa, mkuluyo maso ali pa kompyuta, n'kunena kuti, "Mayi tasankha aja akupempha tiwawonjezereko." Funso lobwera limakhala limodzi nthawi zonse: "Chifukwa?" Ndikayankha ndi chiganizo chimodzi chogwira mtima, amatembenuza mpando n'kuyamba kuwerengera. Ndikayamba kuti, "Akuti thiransipoti, komanso akuti mnzawo wina, komanso akuti zaka," ndisanamalize amakhala atabwerera kale ku zomwe amachita. Choncho imelo yanu siyolembera munthu woti akumvereni chisoni. Mukulembera munthu woti akakunenereni kwa wina, ndipo ntchito yanu ndi kumupatsa mawu oti athe kuwanyamula osagwetsa panjira.

Wina anena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, zifukwa zikachuluka ndiye pempho limalimba. Pa nkhani zina n'zoona, koma pa zokambirana za ndalama zimayenda mwina. Munthu amene akufuna kukana salimbana ndi chifukwa chanu champhamvu. Amasankha chofooka kwambiri pa zonse, n'kuchiyankha, n'kumva kuti wayankha imelo yonse. Mukalemba zinayi zija, yankho lingathe kubwera lakuti, "Tamva za thiransipoti, koma kampani yathu siganizira komwe munthu amakhala poika malipiro." Basi, nkhani yatha, ndipo za anthu atatu aja palibe amene wazikhudza. Neil Rackham ndi John Carlisle, omwe ankakhala nawo pa zokambirana zenizeni n'kumalemba zomwe okambiranawo akuchita, anasindikiza zomwe anapeza mu 1978. Anaona kuti akatswiri a zokambirana ankapereka zifukwa zosakwana ziwiri pa mfundo imodzi tikatengera pakati, pomwe anthu wamba ankapereka pafupifupi zitatu. Akatswiriwo sikuti analibe zonena zambiri. Ankadziwa kuti chifukwa chofooka chimasukulutsa champhamvu, monga madzi amachitira akathiridwa mu mankhwala.

Tiyeni tizione zinayi zanuzo, muone chomwe ndasankhira chimodzi.

Za thiransipoti n'zoona ndipo zimapweteka, sindikuzichepetsa. Koma kampani imalipira ntchito, silipira mtunda wochoka kunyumba. Atakuwonjezerani chifukwa cha mtunda, mawa lake aliyense wokhala kutali adzabwera ndi pempho lomwelo, ndipo mkulu wa zachuma amaona zimenezo musanamalize n'kulankhula komwe. Chimodzimodzi lendi, ngongole ndi fizi ya ana. Zimenezi zikuthandizeni inuyo kudziwa ndalama yochepetsetsa yomwe mungavomere, koma zisalowe mu imelo.

Za mnzanuyo zili ndi vuto lina: palibe angazitsimikize. Kampani yake ingakhale yaikulu, malipiro akewo mwina akuphatikiza alawansi, ndipo inu simungatumize pepala lake la malipiro. Zikanakhala kuti muli ndi zilengezo zitatu kapena zinayi za ntchito yofanana, zolembedwa malipiro poyera, bwenzi tikukamba zina, chifukwa umenewo ndi umboni woti munthu angauone ndi maso. Mawu a mnzanu mmodzi si umboni.

Zaka zisanu ndi chifukwa chabwino, kungoti anachigwiritsa kale ntchito. Anaziona pa kalata yanu yofunsira ntchito, n'chifukwa chake anakuitanani, ndipo poika nambala ija ankazidziwa. Mukazitchula adzangoti, "Zimenezo tinaziwerengera kale." Zikanagwira ntchito chilengezo chikanati akufuna wa zaka ziwiri, inu n'kubwera ndi zisanu, poti pamenepo pali kusiyana kooneka pakati pa munthu amene anamuikira ndalama ndi munthu amene amupeza.

Chachinayi chili ndi zonse zomwe zinazo zikusowa. Ndi chokhudza ntchito yeniyeniyo, osati moyo wanu. Ndi chotsimikizika, chifukwa chilengezo chilipo ndipo amene ananena za anthu atatuwo ndi iwo eni. Ndipo ndi chatsopano: n'kutheka kwambiri kuti malipiro anaikidwa pomwe chilengezo chinkalembedwa, udindo woyang'anira anthu usanawonjezedwe. Kuyang'anira anthu si kanthu kakang'ono. Ndinu amene muzikonza ndondomeko ya mashifiti awo, kuwaphunzitsa, kuyankha katundu akasowa m'manja mwawo, ndi kukhala nawo pansi akalakwitsa. M'makampani ambiri omwe ali ndi magiledi, udindo woyang'anira ena ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimasiyanitsa giledi ina ndi inzake. Ndiye mukamatchula zimenezi simukupempha chifundo. Mukuwaonetsa kuti mtengo omwe aika ndi wa ntchito ina, yocheperapo kuposa yomwe akufuna kuti mugwire. Mkulu wa zachuma angavomere zimenezi osaopa kuti ena abwera ndi pempho lomwelo, poti chifukwacho n'cha mpando wanu wokha.

Musanalembe, chitani kanthu kamodzi. Tsegulani kalata ija ndi pepala lofotokoza ntchito ngati analiphatikiza, muone ngati anthu atatuwo alembedwamo. Ngati alembedwa, chifukwa chanu chalimba. Ngati sanalembedwe, chikadali chabwino, koma mu imelo mutchule kuti zinanenedwa pa intavyu, kuti ngati panali kusamvana kuonekere panopa osati mutayamba kale ntchito.

Tsopano nambala. Kuti masamu aphweke, tinene kuti akupatsani 1,000 pa mwezi, m'ndalama iliyonse yomwe mumalandira, ndipo inu mumayembekezera 1,100. Choyamba onetsetsani kuti mukuyerekeza zinthu zofanana. Anthu ambiri amaganiza za ndalama yofika m'manja, pomwe kalata imalemba ndalama msonkho ndi penshoni zisanadulidwe. Ndinaonapo bambo wina akupempha nambala, ife n'kuvomera, kenako mwezi utatha iye n'kubwera ndi pepala la malipiro m'manja nkhope itagwa, chifukwa ankatanthauza yofika m'manja pomwe ife tinamva yosadulidwa. Palibe amene ananama, koma ubale unayamba ndi kukhumudwa. Choncho pemphani m'chiyankhulo cha kalatayo: ngati yalemba malipiro a pa mwezi msonkho usanadulidwe, inunso mutchule momwemo, ndipo mulembe mawuwo poyera.

Kenako mukhale ndi manambala awiri. Ina ndi yolemba mu imelo. Inayo ndi ya mumtima, yomwe mukudziwa kuti pansi pake simungavomere, ndipo imeneyi ndi yomwe thiransipoti ija ikuthandizeni kuipeza. Ngati mwawerengera n'kupeza kuti ngakhale 1,000 yomweyo mungaivomere akakana, palibe cholakwika. Kudziwa zimenezo kukuthandizani kuti musalembe mawu owopseza omwe simungawakwaniritse.

Yolembayo ikhale pamwamba pang'ono pa yomwe mukufuna, chifukwa kawirikawiri yankho limagwera pakati pa nambala yawo ndi yanu. Kwa inu ndinganene 1,120, yomwe ndi 12 peresenti pamwamba pa yomwe apereka. Pa zomwe ndaona, pempho la pakati pa 5 ndi 15 peresenti limawerengedwa ngati kukambirana wamba. Likafika 30 kapena 40 peresenti, owerenga amayamba kukayika ngati munamvetsa msinkhu wa ntchitoyo, ndipo ena amaopa kuti ngakhale mutavomera simukhalitsa. Lembani nambala imodzi. Mukalemba kuti "pakati pa 1,050 ndi 1,150," dziwani kuti diso lawo ligwera pa 1,050. Ndipo musalembe kuti "mundiwonjezereko pang'ono" osatchula nambala, chifukwa mwawasiyira ntchito yoganiza m'malo mwanu, ndipo "pang'ono" wa kampani angakhale 20.

Mwina mukudzifunsa ngati 100 pa mwezi n'njoyenera kuvutikira chonchi. Werengani nane. Pa chaka ndi 1,200. Ndipo poti makampani ambiri amakweza malipiro ndi peresenti ya zomwe munthu akulandira kale, kusiyanako kumakula chaka ndi chaka. Tinene kuti amakweza ndi 5 peresenti chaka chilichonse: pa zaka zisanu, woyamba ndi 1,100 amakhala atalandira pafupifupi 6,630 kuposa woyamba ndi 1,000, zomwe zikuposa malipiro a miyezi isanu ndi umodzi. Ngati penshoni imawerengedwa pa peresenti ya malipiro, nayonso imatsatira. N'chifukwa chake nthawi yabwino ndi inoyi, pomwe akusankhani kale koma simunasaine. Mukalowa, mumalowa m'ndondomeko yokweza malipiro ya aliyense, yomwe imayenda pang'onopang'ono.

Nayi imelo yomwe ndingalembe ndikanakhala inu. Muiyankhe pa imelo yomweyo yomwe inabweretsa kalata, kuti zonse zikhale pamodzi, ndipo muilembe m'chiyankhulo chomwe iwo anakulemberani.

"Okondedwa Bambo Uje,

Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yondipatsa ntchito yoyang'anira mosungira katundu. Ndasangalala nayo, ndipo ndikufunitsitsa kudzagwira nanu ntchito.

Ndisanasaine, ndili ndi pempho limodzi lokhudza malipiro. Pa intavyu munandifotokozera kuti ndizidzayang'anira antchito atatu, udindo womwe sunali pa chilengezo cha ntchitoyi. Udindowu ndaulandira ndi manja awiri. Poganizira zimenezi, kodi n'zotheka kuti malipiro oyambira akhale 1,120 pa mwezi msonkho usanadulidwe, m'malo mwa 1,000?

Zikatheka, ndine wokonzeka kusaina tsiku lomwelo ndi kuyamba ntchito pa tsiku lomwe mwalemba. Ngati n'kwapafupi kukambirana pa foni, ndilipo nthawi iliyonse mawa.

Ndine wanu,
Uje"

Ndi yaifupi moti munthu angaiwerenge pa foni ali m'khonde, osatsitsa chala. Koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo ndikufuna muone ntchitozo kuti mukasintha mawu musachotse fupa.

Ndime yoyamba si ulemu chabe. Wolemba anthu ntchito akaona imelo yokhudza malipiro, mantha ake oyamba ndi akuti mukufuna kukana, ndiye ayambirenso kusaka munthu, kuitana gulu la intavyu, ndi kufotokozera mabwana chomwe mpando ukadali wopanda munthu. Mukanena poyamba kuti ntchito mukuifuna, mantha amenewo amatsika, ndipo zotsatirazo amaziwerenga ngati vuto laling'ono loti likonzedwe. Koma onani kuti sindinalembe kuti "ndavomera." Mukavomera m'ndime yoyamba n'kupempha m'ndime yachiwiri, mwagula kale katundu kenako n'kumanenerera mtengo.

Mawu akuti "pempho limodzi" nawonso ndawaika dala. Amauza wowerenga kuti kumbuyo kulibe mndandanda wina. Chomwe chimatopetsa olemba ntchito kwambiri ndi munthu amene mukamuvomera za malipiro amabwera ndi za tchuthi, mukavomera za tchuthi amabwera ndi za foni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ngati muli ndi zina zoti mufunse, monga tsiku loyambira, ziikeni mu imelo yomweyi kapena muzisiye.

Chiganizo chakuti "Udindowu ndaulandira ndi manja awiri" chimatseka khomo lomwe likanatseguka. Popanda chimenechi, wina angawerenge ngati mukudandaula za ntchito yowonjezerayo, n'kuyankha kuti, "Chabwino, anthu atatuwo tiwapereka kwa wina." Pamenepo mwataya ndalama ndi udindo womwe, pomwe udindowo ndi umene udzakukwezeni mtsogolo.

Pempho lenilenilo ndalilemba ngati funso, ndipo apa pali nkhani ya malamulo yomwe anthu ambiri saidziwa. M'malamulo a mgwirizano a mayiko ambiri, munthu akakupatsani mwayi pa mtengo wina inu n'kuyankha kuti "ayi, ndivomera pokhapokha pa mtengo uwu," zingathe kutengedwa kuti mwakana mwayi woyambawo, ndipo iye sakakamizika kuubwezeretsa. Kufunsa chabe ngati mtengo ungasinthe sikutengedwa choncho. Ndiye "kodi n'zotheka" si mawu a munthu wamantha. Ndi mawu omwe amasiya kalata yoyamba ija ili chitsegukire pomwe mukudikira yankho. Pewani mawu ngati "sindingavomere pansi pa 1,120" pokhapokha ngati mukutanthauzadi kuti muchoka.

Ndime yomaliza ndi yomwe imagula zonse. Mukuwapatsa chinthu chomwe akuchifuna kwambiri, chomwe ndi kutseka nkhaniyi. Ine ndikaima pakhomo paja n'kutha kunena kuti, "Tikawonjezera 120, asaina lero," mkuluyo amayerekeza 120 ndi masabata ena osaka munthu, ndipo masamuwo nthawi zambiri amakomera wopemphayo. Koma lonjezo limeneli n'lolemera. Akavomera 1,120, musaine. Musabwerenso ndi nambala ina, chifukwa pamenepo mwaphwanya mawu anu oyamba kwa bwana wanu musanalowe n'komwe pageti.

Pali zinthu zomwe dzanja lanu lidzafuna kuwonjezera mukamalemba, makamaka usiku mtima ukugunda. Lidzafuna kupepesa: "Pepani kuti ndikukuvutitsani, ndikudziwa kuti zinthu n'zovuta." Lidzafuna kuwathandiza kukana: "Ngati sizingatheke palibe vuto, ndivomerabe." Chiganizo chachiwirichi chimapha imelo yonse, chifukwa mwawauza kuti kukana n'kwaulere. Zonse ziwiri zichotseni. Ulemu uli kale m'kuthokoza ndi m'kafunsidwe kanu. Ndipo chonde musapeke kuti kwina akupatsaninso ntchito ya malipiro okwera ngati palibe. Ena amapempha kuona kalatayo, ena amangoti, "Ngati zili choncho, tikufunirani zabwino kumeneko," inu n'kutsala m'manja muli mbee. Zikanakhala zoona, chimenecho chikanakhala chifukwa champhamvu kuposa zonse, ndipo ndikanakuuzani kuti mugwiritse ntchito chimenecho chokha.

Za nthawi: mwa masiku asanu aja limodzi lapita kale. Lembani lero, igone, muiwerenge mokweza mawa m'mawa, n'kuitumiza nthawi ya ntchito. Musadikire tsiku lachisanu. Wolandirayo akufunika masiku oti apeze mkulu uja, yemwe mwina ali paulendo, ndipo pempho lofika tsiku lomaliza limaoneka ngati msampha. Pakadutsa masiku awiri ogwira ntchito osamva kanthu, tumizani mzere umodzi wofunsa ngati imelo yanu inafika, ndipo mufunsenso ngati tsiku lomaliza kuyankha lingasunthidwe pomwe akuganizira pempho lanu. Funso lachiwirili n'lofunika kwambiri, chifukwa tsiku lija likadutsa muli chete, kalatayo ingathe mphamvu yokha. Kukhala chete kwa masiku awiri kusakuwopseni. Nthawi zambiri kumangotanthauza kuti imelo yanu ili pa tebulo la munthu wina.

N'kutheka kuti sadzayankha pa imelo koma adzaimba foni, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Munthu walemba imelo yabwino ya chifukwa chimodzi, koma pa foni wofunsa akangokhala chete pang'ono, iye amayamba kudzaza mpatawo ndi thiransipoti, lendi ndi mnzake uja, mpaka kudzitsitsira yekha nambala asanapemphedwe. Inu mubwereze chifukwa chomwecho ndi nambala yomweyo m'mawu ochepa, kenako mutseke pakamwa n'kudikira. Akatchula nambala ina, simukakamizika kuyankha pomwepo. Nenani kuti, "Zikomo, ndiloleni ndiganizire, ndikuyankhani mawa m'mawa," ndipo mupemphe kuti alembe zomwe anenazo.

Tinene kuti yankho labwera lakuti bajeti ya mpandowu ikulola mpaka 1,060. Ili ndi yankho labwino. Likusonyeza kuti chifukwa chanu achimva ndipo wina wakaima pakhomo paja m'malo mwanu. Ngati 1,060 ili pamwamba pa nambala yanu ya mumtima, muli ndi njira ziwiri. Mungavomere ndi mtima woyera. Kapena mungafunse kamodzi kokha, kuti: "Zikomo, 1,060 ndingayambire. Kodi tingalembe m'kalata kuti malipiro adzawunikidwanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndi cholinga chofika 1,120 ngati ntchito yoyang'anira gululi ikuyenda bwino?" Mawu ofunika apa ndi "m'kalata." Lonjezo lapakamwa lakuti "tidzaona mukatha pulobeshoni" limachoka limodzi ndi munthu amene analinena akasamutsidwa kapena akasiya ntchito, ndipo wobwera m'malo mwake sadzalidziwa. Ngakhale lolembedwalo, dziwani kuti "kuwunika" si "kukweza." N'chifukwa chake ndaikamo mwezi ndi nambala, kuti tsikulo likadzafika mudzakhale ndi poyambira.

Yankho lingathenso kukhala lakuti ayi. Mvetserani mtundu wa ayi ameneyo. Akati malipiro a giledi imeneyi ndi okhazikika ndipo aliyense amayambira pamenepo, monga zimakhalira m'maboma ambiri ndi m'mabungwe akuluakulu, kawirikawiri akunena zoona, ndipo kukankha nambala n'kutaya nthawi. Funso lanzeru pamenepo n'lakuti kodi mpandowu, popeza uli ndi anthu oyang'anira, unaikidwa pa giledi yoyenera, kapena ngati giledi ili ndi masitepe, mungayambire sitepe yachiwiri. Chifukwa chanu chija chikugwirabe ntchito, changosintha khomo lolowera. Akati bajeti ya chaka chino yatsekedwa, ndiye funso la miyezi isanu ndi umodzi lija lili m'malo. Koma akayankha mokalipa, ngati kuti kufunsa mwaulemu kamodzi ndi mwano, mwaphunzira kanthu za momwe adzakuyankhireni mukadzapempha tchuthi kapena zipangizo zogwirira ntchito, ndipo mukhale nazo m'maganizo posankha.

Za mantha anu otaya mwayi, sindingakulonjezeni kuti sizichitika. Koma pa zaka zomwe ndakhala pa ntchitoyi, komwe ndinaona kalata ikubwezedwa kunali komwe munthu anawopseza, ananama, kapena anabwerera kachitatu ndi kachinayi. Imelo yaifupi, yaulemu, ya chifukwa chimodzi sindinaione ikuchotsetsa munthu. Kumbukirani kuti kampaniyo yawononga kale masabata kuti ifike pa dzina lanu, ndipo wachiwiri pa mndandanda ndi munthu amene anamuona kuti sakufika pa inu.

Pali malo amodzi pomwe ndikanakuuzani kuti mufatse. Ngati pa intavyu anakufunsani malipiro omwe mukufuna inu n'kutchula 1,000, ndiye akupatsani zomwe munapempha, ndipo kubwera ndi nambala ina popanda kufotokoza kungaoneke ngati kusinthasintha. Ngakhale pamenepo, chifukwa chachinayi chingakupulumutseni ngati munatchula nambalayo musanauzidwe za anthu atatuwo. Mungowonjezera chiganizo chimodzi chonena zoona: kuti pomwe munkatchula 1,000 munkatengera udindo womwe unali pa chilengezo.

Akavomera nambala iliyonse yatsopano, pemphani kalata yokonzedwa yokhala ndi nambalayo, muiwerenge yonse, muone kuti malipiro, dzina la udindo ndi tsiku loyambira zili momwe mwagwirizana, ndipo ngati n'kotheka anthu atatu aja alembedwemo. Musaine imeneyo, osati yakale ija ndi lonjezo lakuti adzakonza pambuyo. Ngati panopa muli pa ntchito ina, kalata yosiyira ntchito muipereke pokhapokha yatsopanoyo yasainidwa ndi mbali zonse ziwiri ndipo kope lanu lili m'manja.